Kupanga mawu a Chingerezi kuchokera pa tsinde limodzi n'kusefa ovomerezeka

Tsinde limodzi la Chingerezi likhoza kukupatsani mawu opitirira makumi atatu mukadziwa kuliphatikiza. Kuphatikizako sikuvuta, mwana wa Sitandade 7 akhoza kuchita. Pamene pagona ntchito ndi posefa, chifukwa mwa mawu amene mungapange motsata malamulo, ambiri Chingerezi sichiwalandira, ngakhale amveke bwino chotani m'khutu.

Ife olankhula Chichewa tili ndi chifukwa chathu chopunthwira pamenepa. Kwathu aphatikiri sakana mneni chisawawa. Tengani *manga*: mupeza *mangira*, *mangitsa*, *mangana*, *mangidwa*. Tengani *phika*, *lemba*, *gula*, aphatikiri omwewo akwanira pafupifupi ponseponse. Ndiye mutu wathu unazolowera kuti lamulo likagwira pa mawu awa, ligwiranso pa enawo. Chingerezi sichiyenda choncho. Mphatikiri aliyense ali ndi mawu amene amawalola ndi amene amawakana, ndipo nthawi zina chifukwa chake chili m'mbiri ya chilankhulocho, osati m'lamulo.

Tiyenda ndi tsinde limodzi lokha mpaka kumapeto, *act*, lomwe tanthauzo lake ndi kuchita. Konzani kope, pensulo ndi dikishonale, ya pepala kapena ya pa foni.

Yambani ndi kulidziwa tsindelo

Musanaphatikize kanthu, tsegulani dikishonale pa *act* ndipo mulembe zinthu ziwiri: ndi mawu a mtundu wanji, nanga anachokera kuti. Mupeza kuti *act* ndi mneni, komanso ndi dzina. Ngati mneni amatanthauza kuchitapo kanthu, kapena kuchita sewero. Ngati dzina amatanthauza chochita chimodzi, gawo la sewero, kapena lamulo lokhazikitsidwa ndi nyumba ya malamulo. Matanthauzo onsewa alembeni, chifukwa lililonse lili ndi mawu akeake ochokerapo. *Actor* wachokera ku sewero, *enact* wachokera ku lamulo, *active* wachokera ku kuchita.

Kumene anachokera ndi ku Chilatini, ku mneni *agere*, amene maonekedwe ake ena anali *actus*. Zimenezi si zongokometsera nkhani. M'chaka cha 1066 Anomani ochokera ku dera la kumpoto kwa Falansa anagonjetsa Mangalande, ndipo kwa zaka mazana angapo Chifalansa chinali chilankhulo cha kunyumba ya mfumu ndi kumakhoti, Chilatini chili cha tchalitchi ndi ophunzira. Chingerezi chinatuluka m'nyengo imeneyo chili ndi mabanja awiri a mawu. Banja lina ndi la mawu akale a eni nthaka, monga *help*, *kind*, *teach*. Lina ndi la mawu obwera, monga *act*, *direct*, *collect*. Aphatikiri nawo anagawikana chimodzimodzi. A *-ion*, *-ive*, *-ity*, *-or* ndi *in-* ndi a banja lobwera, ndipo kawirikawiri amafuna tsinde la kwawo. A *-ness*, *-ful*, *-less*, *-er* ndi *un-* ndi a eni nthaka. Mukangodziwa kuti *act* ndi wa Chilatini, mwadziwa kale aphatikiri oyamba kuyesa.

Kenako patulani *acts*, *acted* ndi *acting*. Amenewa ndi mneni yemweyo amene wangosintha nthawi kapena mwininkhani, monga mmene *ndimanga* ndi *ndinamanga* sali mawu awiri osiyana. Aphunzitsi akafunsa mawu atsopano ochokera pa tsinde, awa sawerengedwa. *Acting* yekha ndiye anadzipezera ntchito ina, monga pa *acting headteacher*, mphunzitsi wongogwirizira udindo.

Phatikizani a kumapeto poyamba, mmodzi pa nthawi

Mphatikiri wa kumapeto ndiye amasintha mtundu wa mawu, n'chifukwa chake timayambira iye. Funso loti mudzifunse pa aliyense ndi lakuti: ameneyu amalandira mawu a mtundu wanji, ndipo amatulutsa a mtundu wanji?

*-ion* amalandira mneni n'kutulutsa dzina, ndiye *act* asanduka *action*. *-ive* amalandira mneni n'kutulutsa mfotokozi, *active*. *-or* amatulutsa dzina la wochita, *actor*, ndipo kuchokera apo pali *actress* wa mkazi, ngakhale masiku ano akazi ambiri a zisudzo amangotchedwa *actor*. Wina anganene kuti bwanji osati *acter*, poti timati *teacher* ndi *driver*? Yankho lili pa mabanja aja. Masinde a Chilatini othera ndi *-ct* amatenga *-or*, ndipo mawu ake mumawadziwa kale: *director*, *inspector*, *conductor*, *collector*.

Tsopano yesani a banja linalo kuti muone mmene amagwera. *Actness* wagwa pomwepo chifukwa *-ness* amafuna mfotokozi, monga *kind* pa *kindness*, pomwe *act* si mfotokozi. *Actly* wagwa pa chifukwa chomwecho. *Actful* ndi *actless* sanaphwanye lamulo la mtundu, poti *-ful* amalandira dzina, koma eni chilankhulo sanawatenge. Apa mwaona kale magwedwe awiri osiyana, kugwa chifukwa cha lamulo ndi kugwa chifukwa palibe amene amawanena. Kugwa koyambako mungakuone nokha popanda buku. Kwachiwiriko kumafuna dikishonale.

Mawu amene apulumuka aja asandutseni masinde atsopano n'kuphatikizanso. Apa ndiye pamene banjali limakulira. *Active* ndi mfotokozi, ndiye khomo la *-ly* latseguka, mupeza muonjezi *actively*. Latsegukanso la *-ity*, mupeza *activity*. *-ate* amasandutsa mfotokozi kukhala mneni wochititsa, *activate*, kuyambitsa chinthu kuti chigwire ntchito, mawu amene mumawaona pa foni mukagula simu khadi yatsopano. *-ist* ndi *-ism* akupatsani *activist* ndi *activism*, munthu womenyera nkhani inayake ndi ntchito yakeyo. Mukafika pa *activate* muli ndi mneni kachiwiri, ndiye *-ion* ndi *-or* abwereranso: *activation*, *activator*.

Onani kuti *activation* wamangidwa pa masitepe atatu, *act*, *active*, *activate*, *activation*, ndipo sitepe iliyonse yapereka mtundu wa mawu umene yotsatirayo ikufuna. Simungalumphe kapena kusinthanitsa. *Activeion* kulibe chifukwa *-ion* safuna mfotokozi. Palinso aphatikiri otseka khomo. Mukaika *-ly* wopanga muonjezi, mwamaliza, palibenso *-ity* kapena *-ate* amene angabwere pambuyo pa *actively*.

Pa masipelo, tsinde ili lili ndi lamulo limodzi lokha loti mulisamale. *e* wosatchulidwa wa kumapeto amachoka pamene mphatikiri akuyamba ndi lembo la liwu, ndipo amatsala pamene akuyamba ndi lembo lopanda liwu. N'chifukwa chake *active* ndi *-ity* apanga *activity* wopanda *e*, koma *active* ndi *-ly* apanga *actively*, *e* ali pomwepo. Ophunzira ambiri amalemba *activly*, n'kutaya malikisi pa mawu amene anawapanga molondola. Za kubwereza lembo lomaliza, monga pa *stopping*, pano sizikutikhudza chifukwa *act* akuthera ndi malembo awiri opanda liwu.

Mawu aliwonse amene mwapanga muwatchulenso mokweza. Aphatikiri a Chilatini amasuntha pamene liwu limatsindika. Pa *active* mphamvu ili pa phatikizo loyamba, pa *activity* yasamukira pa lachiwiri, pa *activation* yafika pa lachitatu. Pa *action*, *t* uja wasiya kumveka ngati t, akumveka ngati sh wa mu shuga. A *-ly* ndi *-ness* sasuntha kanthu.

Jambulani tebulo la aphatikiri a kumayambiriro

Mphatikiri wa kumayambiriro kawirikawiri sasintha mtundu wa mawu, amasintha tanthauzo. Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi tebulo, chifukwa limakukakamizani kuyesa chilichonse, osangolemba mawu amene mukuwakumbukira kale. Pamwamba lembani mawu anayi, *act*, *action*, *active*, *activate*. Kumanzere tsitsani aphatikiri asanu ndi mmodzi: *re-*, *in-*, *un-*, *dis-*, *de-*, *inter-*. Mabokosi akwana 24. Dzazani onse ndi pensulo, ngakhale amene akumveka achilendo, kenako muyambe kufufuta. Mukamaliza tebulo lanu lidzaoneka chonchi:

| | act | action | active | activate |
|---|---|---|---|---|
| re- | react | reaction | reactive | reactivate |
| in- | palibe | inaction | inactive | inactivate |
| un- | palibe | palibe | palibe | palibe |
| dis- | palibe | palibe | palibe | palibe |
| de- | palibe | palibe | palibe | deactivate |
| inter- | interact | interaction | interactive | palibe |

Mwa 24 atsala 11. Oposa theka agwa, chonsecho aphatikiri onsewa ndi odziwika ndipo tsinde lake ndi lobala kwambiri. Chofunika tsopano n'kumvetsa chifukwa chimene bokosi lililonse lilili chomwecho, kuti mawa mukakumana ndi tsinde lina musayambirenso kulota.

Yambani ndi *de-*. Ntchito yake ndi kubweza zimene zinachitidwa, monga *-ula* wathu pa *tseka* ndi *tsekula*. Amakonda aneni othera ndi *-ate*, *-ise* ndi *-ify*. Pa mzere wakewo mneni wotero ndi mmodzi yekha, *activate*, ndiye *deactivate* yekha wapulumuka. *Deactive* amamveka pakamwa pa anthu ambiri ponena za nambala ya foni imene yatsekedwa, koma ndi wolakwika. Nambalayo ikhoza kukhala *inactive*, kapena *deactivated* ngati pali amene anaitseka.

Mizere ya *un-* ndi *dis-* yagwa yonse, ndipo chifukwa chachikulu n'chakuti malo ake anatengedwa kale. Zili ngati mpando wa m'minibasi: pakakhala munthu, wobwera pambuyo sakhalapo ngakhale ali ndi ndalama yokwanira. Tanthauzo la kusachita kanthu analikhalira kale *inactive*, ndiye *unactive* alibe pokhala. Tanthauzo la kuzimitsa analikhalira *deactivate*, ndiye *disactivate* ndi *unactivate* atsala panja. Lamulo lomweli ndi limene limakaniza *stealer* kukhala dzina wamba la wakuba, poti *thief* alipo. Choncho mawu anu akamveka bwino koma mukukayika, dzifunseni ngati palibe ena amene akugwira kale ntchito imeneyo.

Koma nanga *inactivate* ndi *deactivate* akhalira bwanji limodzi? Anagawana ntchito. *Deactivate* ndi wa makina, maakaunti, alamu ndi mabomba. *Inactivate* ndi wa asayansi, amanena za tizilombo toyambitsa matenda kapena mankhwala amene achotsedwa mphamvu. Katemera wa poliyo wobaya uja amatchedwa *inactivated* chifukwa kachilombo kake kanaphedwa. Mawu awiri ofanana amakhalira limodzi pokhapokha aliyense akapeza munda wakewake.

Pa *in-* ndi *un-* ndikufuna tichedwepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene malangizo ambiri amanama pofuna kufewetsa zinthu. Mudzamva kuti mawu a Chilatini amatenga *in-*, a eni nthaka *un-*. Theka lake n'loona. Mawu a eni nthaka satenga *in-* wokana, simudzapeza *inkind* kapena *inhappy*. Koma *un-* ndi wolowerera, amafika ndi ku banja linalo. Timati *inactive*, koma mankhwala osachedwa kusintha akakumana ndi anzake ndi *reactive*, ndipo otsutsana nawo ndi *unreactive*. Tsinde lomwelo, mphatikiri wa kumapeto yemweyo, wokana wosiyana. Chimodzimodzi *unattractive* ndi *unproductive* pambali pa *ineffective* ndi *insensitive*. Ngakhale m'banja limodzi zimasemphana, *unable* ndi *inability*, *unjust* ndi *injustice*. Chimene mungadalire kwambiri ndi ichi: mawu othera ndi *-ed* kawirikawiri amatenga *un-*. Khadi imene sinayambe yatsegulidwapo ndi *unactivated*, monga mmene pambali pa *incomplete* palili *uncompleted*. Kupitirira apo, wokana wa mfotokozi aliyense muzimuphunzira limodzi ndi mfotokoziyo, tsiku lomwelo. Kumbukiraninso kuti *in-* amasintha lembo potengera lotsatira, n'kukhala *il-* pa *illegal*, *im-* pa *impossible*, *ir-* pa *irregular*. Pa *active* sasintha chifukwa kutsogolo kuli lembo la liwu.

Mzere wa *in-* uli ndi phunziro linanso. *Inaction* alipo, *inactive* alipo, koma *inact* kulibe. Munthu akaona *reaction* ndi *react*, *interaction* ndi *interact*, amaganiza kuti pa *inaction* napo angochotsa *-ion* n'kupeza mneni. Ayi. *In-* wokana anaphatikizidwa pa dzina lomalizika kale, *action*, sanadzere pa mneni. Kuchotsa mphatikiri kumafuna kusefa kofanana ndi kuphatikiza.

Funsani mawu aliwonse kuti anamangidwa bwanji

Mzere wa *re-* wadzaza wonse, koma mawu anayiwo si a njira imodzi. *Reactivate* ndi *re-* wophatikizidwa pa *activate*, kutanthauza kutsegulanso chimene chinatsekedwa. *Reaction* ndi *reactive* achokera pa *react*, ndipo *react* satanthauza kuchitanso kachiwiri, amatanthauza kuchitapo kanthu poyankha zimene zachitika. Wina akakutukwanani inu n'kukwiya, kumeneko ndi *react*. Mukafuna kunena zobwereza sewero muyenera kamzere, *re-act*, kusiyana komwe kuli pa *resign*, kutula pansi udindo, ndi *re-sign*, kusainanso.

Njira yoyesera ndi yosavuta. Gawani mawuwo m'zigawo, nenani tanthauzo la chigawo chilichonse m'Chichewa, kenako yerekezani ndi zimene dikishonale ikunena. Zikagwirizana, mawuwo ndi oonekera mkati ndipo mungawagwiritse ntchito mosaopa. Zikasiyana, lembani tanthauzo lenilenilo pambali, chifukwa amenewo ndi amene adzakuchititseni manyazi. Pa tsinde lathuli alipo angapo otere. *Reactionary* si munthu wosachedwa kupsa mtima, ndi munthu wa ndale wokana kusintha, wofuna zinthu zibwerere mwakale, ndipo mawuwa anadzera ku Chifalansa pambuyo pa kuukira kwa mu 1789. *Reactor* kawirikawiri si munthu, ndi chipangizo cha mphamvu ya nyukiliya kapena chosakanizira mankhwala m'fakitale. *Actionable* kwa a zamalamulo ndi nkhani imene munthu angasumire mnzake kukhoti, ngakhale m'maofesi amanenanso za mfundo zotheka kuzichita. *Actual* ndi wa banja lomweli, koma tanthauzo lake ndi chenicheni.

Mukatha tebulo loyamba, onjezerani mizere ina: *en-*, *over-*, *counter-*, *trans-*, *pro-*, *hyper-*. Mupeza *counteract*, *transact* ndi *transaction* amene mumamuona pa uthenga wa foni mukatumiza ndalama, *proactive*, *hyperactive*, *overactive*. Samalani *overact* ndi *overreact*. Woyambayo ndi wa zisudzo wokokomeza posewera, wachiwiriyo ndi munthu wokulitsa nkhani yaing'ono.

*En-* ndi wosiyana ndi anzake chifukwa amasintha mtundu wa mawu. Amatenga dzina *act*, lamulo lija, n'kupanga mneni *enact*, kukhazikitsa lamulo. Ndipo akatero amatsegula khomo limene linali lotseka. *Actment* kulibe, *reactment* kulibe, koma *enactment* alipo ndipo ndiye dzina lozolowereka la *enact*. Aneni oyamba ndi *en-* kapena *em-* amakonda *-ment*: *encouragement*, *enrolment*, *employment*. Choncho mukaika mphatikiri wa kumayambiriro, bwererani mukayesenso a kumapeto onse, musaganize kuti zimene zinagwira pa tsinde lopanda kanthu zigwiranso pano.

Chotsani alendo ongofanana nkhope

Pofuna kutalikitsa mndandanda, anthu amatola mawu aliwonse okhala ndi malembo a, c, t motsatizana. Amalemba *contact*, *attract*, *contract*, *fact*, *impact*, *intact*. Onsewa si a *act*. Phimbani *act* ndi chala muone chotsalacho. Pa *react* patsala *re-*, mphatikiri weniweni. Pa *attract* patsala *attr*, pa *fact* patsala *f*, zomwe si aphatikiri. *Attract*, *contract* ndi *extract* ndi a tsinde *tract*, kukoka. *Contact* ndi *intact* ndi a *tact*, kukhudza, n'chifukwa chake *intact* ndi chinthu chosakhudzidwa, chathunthu. Mbali inayi, pali abale enieni amene nkhope zawo zinasintha. *Agent*, *agenda* ndi *agile* achokera pa *agere* yemwe uja. N'zabwino kuwadziwa, koma pa funso lofuna mawu opangidwa kuchokera pa *act* musawaike.

Pitani nawo ku dikishonale, koma muziwerenga bwino

Amene atsala pa kope lanu tsopano apite kokatsimikizidwa. Yambani ndi dikishonale ya ophunzira, monga ya Oxford, Cambridge kapena Longman, osati yaikulu ya mavoliyumu ambiri. Yaikuluyo ntchito yake ndi kusunga mawu onse amene analembedwapo, ndiye mukhoza kupezamo *unactive*, amene alipodi m'mabuku a zaka mazana apitawo, n'kuganiza kuti mwapambana. Ya ophunzira imasankha mawu amene akugwira ntchito lero. Ngati simukupeza mawu anu pa malo akeake, yang'anani kumunsi kwa mawu amene achokerapo, chifukwa a *-ly* ndi *-ness* nthawi zambiri amangoikidwa kumeneko popanda tanthauzo lawolawo. Werenganinso timawu ta pambali, monga `rare`, `archaic`, `informal`, `technical`, `law`. Timakuuzani kumene mawuwo amaloledwa.

Pali mawu ena amene dikishonale imawalola koma khutu la mwini chilankhulo silikondwa nawo. *Activeness* ndi chitsanzo chabwino. Sanaphwanye lamulo lililonse, poti *-ness* amalandira pafupifupi mfotokozi aliyense, ndipo m'madikishonale ena alimo. Koma *activity* ndiye amene anthu amanena. Musathamangire kupanga lamulo lakuti *-ive* nthawi zonse amapita ku *-ity*, chifukwa pa *effective* zatembenuka, wozolowereka ndi *effectiveness*, ndipo pa *attractive* ndi *attractiveness*. Pa milandu yotere funso si lakuti kodi alipo, koma lakuti mwa awiriwa amene akugwira ntchito ndi uti.

Ngati muli ndi intaneti, Google Books Ngram Viewer imayankha funso limeneli mwachangu. Lembani mawu awiriwo m'bokosi lake, muwalekanitse ndi mpumiro wa koma:

```
activity,activeness
```

Idzakujambulirani mizere iwiri yosonyeza mmene mawuwo akhala akupezekera m'mabuku chaka ndi chaka. Wina ukakwera wina n'kumakwawa pansi, mwadziwa woti musankhe. Yesaninso `inactive,unactive` ndi `deactivate,disactivate`. Kufufuza wamba pa intaneti musakudalire kwambiri, chifukwa cholakwika chilichonse chili ndi anthu ambirimbiri amene anachilembapo. Mukafufuza choncho, onani amene alemba, ngati ndi nyuzipepala ndi mabuku odutsa m'manja mwa akonzi kapena ndi macheza chabe. Mzere wofiira wa pa kompyuta nawo ndi mboni yofooka. Umatha kukana mawu abwinobwino a sayansi, ndipo ukakhala pa Chingerezi cha ku Amereka umakana *actualise* n'kufuna *actualize*, umakana *enrolment* n'kufuna *enrollment*, pomwe m'sukulu zathu timatsata masipelo a ku Mangalande.

Mukatha apa, mawu anu agaweni patatu, osati pawiri. Gulu loyamba ndi la ovomerezeka paliponse, monga *reaction*. Lachiwiri ndi la omangidwa bwino koma osowa kapena a ntchito yapadera, monga *activeness*, *inactivate* ndi *actable*, amene amanena za sewero lotheka kuseweredwa. Lachitatu ndi la okanika, monga *actment* ndi *deactive*. Pa mayeso, pa kalata yofunsira ntchito ndi pa lipoti, khalani m'gulu loyamba.

Pali mawu ena amene sakwana m'magulu atatuwa, ndipo sindikufuna muwanyoze. Ku Malawi ndi ku Zambia munthu woyendayenda timamutcha *movious*, kuchokera pa *move* ndi *-ious*. Tonse timamvana, ndipo mawuwo amagwira ntchito yake bwino lomwe. Ndi Chingerezi chathu cha kuno. Koma wochonga mayeso a MSCE kapena wowerenga wa ku London sayembekezera kuwaona m'chimangirizo. Kuvomerezeka kwa mawu kumadalira amene mukumulembera, ndiye pambali pa mawu otere lembani kuti ndi a pa macheza.

Ikani aliwonse m'chiganizo

Sitepe iyi ambiri amailumpha, koma ndi imene imaonetsa ngati mawuwo mwawagwiradi. Lembani chiganizo chimodzi chachifupi pa mawu aliwonse a gulu loyamba, ndipo muonetsetse mperekezi amene amayenda nawo. Timati *react to*, *interact with*, *act on*. *Activate* ndi *enact* ndi aneni oyambukira, amafuna pamtherankhani popanda mperekezi pakati. Chiganizo chimasiyanitsanso mawu oyandikana. Boma likaona vuto n'kukhala chete, imeneyo ndi *inaction*. Munthu akamangokhala osalimbitsa thupi, kapena akaunti ya kubanki ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, imeneyo ndi *inactivity*. Onse awiri ndi ovomerezeka, koma kawirikawiri salowana m'malo.

M'chipinda cha mayeso mulibe dikishonale. Funso likafuna kuti musinthe mawu kuti akwane pa mpata, yambani ndi mpatawo, osati mawuwo. Pambuyo pa *the* kapena *an*, ngati palibe dzina lina kutsogolo, pakufunika dzina. Pakati pa *an* ndi dzina pakufunika mfotokozi. Pambuyo pa *will* kapena *must* pakufunika mneni. Mukadziwa mtundu, aphatikiri oyesa atsala awiri kapena atatu. Kenako werengani chiganizo chonse muone ngati chikufuna kukana, chifukwa ofunsa amakonda kubisa *in-* kapena *un-* m'tanthauzo. Mukakayikabe, itanani masinde ena othera mofanana ndi tsindelo amene mukuwadziwa bwino. Pa *act* othera mofanana naye ndi *protect*, *select*, *collect*, onse amapita ku *-ion*, *-ive* ndi *-or*.

Tsinde lotsatira loti muyese ndi *connect*, chifukwa likufanana ndi *act* mokwanira kuti likupusitseni. A kumapeto ayenda bwino, *connection*, *connective*, *connector*, *connectivity*. Koma tebulo la a kumayambiriro lisintha. Mzere wa *dis-* umene unali wopanda kanthu tsopano ubala *disconnect* ndi *disconnection*, wa *in-* ndi wa *de-* ugwa, ndipo *connectivate* kulibe ngakhale *activate* alipo. Mukatha limenelo tengani la eni nthaka, *help*. Kumeneko *-ion*, *-ive* ndi *-ity* onse akana, ndipo amene anagwa pa *act* ndi amene adzuke: *helper*, *helpful*, *helpless*, *unhelpful*, *helplessness*.